Msilikali akawoloka malire, kodi pangano la ufulu wa anthu limawoloka naye?

Munthu akamangidwa ku Ndirande kapena ku Bangwe n'kufera m'chitokosi, palibe loya amene angataye nthawi kufunsa ngati mapangano a ufulu wa anthu akugwira ntchito pa nkhaniyo. Munthuyo anali m'dziko muno, m'manja mwa boma, ndipo chotsala n'kufufuza zimene zinachitika usikuwo. Koma manja a boma sathera pa Mwanza kapena pa Muloza. Maboma amatumiza asilikali kunja, amalondera panyanja ndi maboti, amagwira anthu m'mabwalo a ndege a eni ake, ndipo ena amaponya mabomba m'mayiko amene sanapondemo n'komwe. Wovulazidwa kumeneko akapita kukadandaula, khothi siliyamba n'kumufunsa ngati analakwiridwa. Limayamba lafunsa ngati iyeyo anali pansi pa ulamuliro wa boma limene akulisumiralo. Akagwa pa funso limeneli, fayilo imatsekedwa majaji asanamve n'komwe za mabala ake.

Funsoli limachokera m'mapangano momwemo. Pangano la ufulu wa anthu la mayiko a ku Ulaya, la mu 1950, limanena m'gawo 1 kuti boma lidzateteza ufulu wa aliyense amene ali pansi pa ulamuliro wake, ndipo silitchula za malire. Pangano la UN la mu 1966 lokhudza ufulu wa munthu ndi wa ndale, lomwe mwachidule limalembedwa kuti ICCPR ndipo Malawi analowamo mu 1993, limatchula zinthu ziwiri: anthu amene ali m'dziko la bomalo, ndiponso amene ali pansi pa ulamuliro wake. America ndi Israel akhala akuumirira kuti ziwirizi ziyenera kupezeka pamodzi, kutanthauza kuti kunja kwa malire panganolo lilibe mphamvu. Komiti ya UN yoyang'anira panganoli inakana maganizo amenewa kalekale, mu 1981, pa dandaulo la Lopez Burgos, mtsogoleri wa antchito wa ku Uruguay amene achitetezo a dziko lake anakamugwira ku Buenos Aires, ku Argentina, mu 1976. Komitiyo inati sizingakhale zomveka kulola boma kukachita kwa eni ake zimene panganolo limaliletsa kuchita kwawo. Khothi la Dziko Lonse la ku Hague linagwirizana ndi komitiyo mu 2004, pa nkhani ya khoma limene Israel anamanga m'dera la Apalestina.

Choncho ambiri amavomereza kuti pangano limatha kuwoloka malire. Povuta ndi pa kudziwa nthawi imene lawoloka ndi imene latsalira. Khothi limene lalimbana kwambiri ndi funsoli ndi la ufulu wa anthu la ku Ulaya, lomwe limakhala ku Strasbourg, ku France. Zigamulo zake sizimanga Malawi, koma gawo 11 la Malamulo Aakulu a dziko lino limauza makhothi athu kuti pomasulira malamulowo aziyang'ananso malamulo a pakati pa mayiko ndi milandu yofanana ya kunja. Tsiku limene nkhani yotere idzafike ku Chichiri, milandu imene maloya adzanyamule ndi yomweyi.

Imfa zisanu ndi imodzi ku Basra

Kuyambira pa 1 Meyi 2003 mpaka pa 28 Juni 2004, America ndi Britain ndiwo ankalamulira Iraq atachotsa boma la Saddam Hussein. Kum'mwera chakum'mawa, kumene kuli mzinda wa Basra, chitetezo chinali m'manja mwa asilikali a Britain. M'miyezi imeneyo anthu ambiri anafa, ndipo mabanja 6 anasumira boma la Britain. Mlanduwo umadziwika ndi dzina la banja loyamba, Al-Skeini.

Woyamba anali mnyamata wa zaka 23 amene anawomberedwa mumsewu usiku. M'deralo munali maliro, ndipo kumeneko n'chizolowezi kuwombera mfuti m'mwamba pa maliro. Asilikali olondera anamva kulira kwa mfuti n'kuganiza kuti kuli nkhondo. Wachiwiri anawomberedwa m'nyumba ya mlamu wake asilikali atathyola chitseko usiku. Wachitatu anali mayi amene chipolopolo chinamupeza akudya chakudya chamadzulo ndi banja lake, pamene kunja asilikali ankawomberana ndi anthu osadziwika, ndipo sizinadziwike kuti chipolopolocho chinachokera mbali iti. Wachinayi anali dalaivala wa minibasi. Wachisanu anali mwana wa zaka 15 amene anamira m'madzi asilikali atamugwira pomuganizira zakuba. Wachisanu ndi chimodzi anali Baha Mousa, wolandira alendo pa hotela, amene anamangidwa mu Seputembala 2003 n'kufera m'kampu ya asilikali a Britain patangotha tsiku limodzi ndi theka. Pa thupi lake anapezapo mabala 93.

Mabanjawo sanapemphe khothi kugamula kuti asilikaliwo ndi akupha. Anapempha chinthu chocheperapo: kuti imfazo zifufuzidwe ndi anthu oima paokha, monga gawo 2 la pangano la ku Ulaya limafunira nthawi iliyonse imene munthu wafa ndi dzanja la boma. Mu 2007 khothi lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula kuti mwa anthu 6 amene nkhani zawo linamva, mmodzi yekha, Baha Mousa, ndi amene anali pansi pa ulamuliro wa Britain, chifukwa anafera m'ndende ya asilikali imene majaji anaiyerekeza ndi ofesi ya kazembe. Asanu enawo anafera kunja kwa mpanda, ndiye panganolo silinawafike. Kuti timvetse mmene majaji ozindikira anafikira pa yankho lotere, tiyenera kuona miyeso iwiri imene anali nayo m'manja.

Kulamulira dera

Muyeso woyamba umayang'ana nthaka. Unakhazikika pa mlandu wa mayi Titina Loizidou, amene anali ndi malo ku Kyrenia, kumpoto kwa chilumba cha Cyprus, koma sankaloledwa kufikako chilowere asilikali a Turkey mu 1974. Turkey inati kumeneko si kwawo ndipo kuli boma lakelake la anthu a kumpotowo. Mu 1995 ndi 1996 khothi la ku Strasbourg linayankha kuti dziko limene lili ndi asilikali oposa 30,000 m'kadera kakang'ono chotero, ndipo kaboma ka kumeneko sikangakhale tsiku limodzi popanda iwo, ndilo likulamulira deralo. Zilibe kanthu kuti linalowamo mololedwa kapena mwachiwembu, ndipo wodandaula sayenera kuonetsa kuti lamulo lililonse linkachokera ku Ankara, likulu la Turkey. Zili ngati nyumba ya lendi: mapepala a nyumba ali ndi landilodi, koma zochitika m'katimo timafunsa amene akusunga makiyi.

Dziko likapezeka kuti likulamulira dera motere, katundu wake ndi wolemera. Limayankha pa ufulu wonse wa m'panganolo, kuyambira moyo, katundu, maphunziro, chipembedzo mpaka kaweruzidwe ka milandu, ndipo limayankhanso pa zolakwa za akuluakulu a m'deralo amene likuwachirikiza. Majaji amayang'ana kuchuluka kwa asilikali, nthawi imene akhalako, ndiponso ngati ndalama, zida ndi mphamvu za olamulira m'deralo zikuchokera kunjako. Kuno ku Africa chitsanzo chake ndi Ituri. Mu 2005 Khothi la Dziko Lonse linapeza kuti Uganda ndiye ankalamulira chigawo chimenechi cha Congo, motero anali ndi udindo woteteza anthu a kumeneko ngakhale kwa magulu a zigawenga amene sanali ake. Mu 2022 khothilo linalamula Uganda kulipira madola 325 miliyoni pa zowonongeka za nkhondo yonseyo.

Nanga Basra? Apa boma la Britain linali ndi mfundo yosapepuka. M'zigawo za Basra ndi Maysan munali anthu pafupifupi 2.75 miliyoni, ndipo asilikali a Britain anali ongopitirira 8,000. Apolisi anali atabalalika, makhothi sankagwira ntchito bwino, mfuti zinali paliponse. Maloya a boma anati kukhala wolamulira pa pepala n'kosiyana ndi kulamuliradi, ndipo dziko limene likulephera kuletsa kuba masanasana silingauzidwe kuti lipereke ufulu wonse wa m'pangano la ku Ulaya kwa anthu a ku Basra. Majaji a ku Britain anavomereza.

Kulamulira munthu

Muyeso wachiwiri suyang'ana nthaka koma munthu. Abdullah Öcalan, mtsogoleri wa gulu la Akurdi, anaperekedwa kwa achitetezo a Turkey m'ndege pa bwalo la ku Nairobi mu Febuluwale 1999. Turkey sinkalamulira ngakhale phazi limodzi la nthaka ya Kenya, koma khothi linati kuyambira pamene Öcalan analowa m'manja mwawo, anali pansi pa ulamuliro wa Turkey. N'chimodzimodzi panyanja. Mu Meyi 2009 zombo za Italy zinatola anthu ochokera ku Somalia ndi Eritrea pakati pa nyanja, kum'mwera kwa chilumba cha Lampedusa, n'kukawatula ku Tripoli osamva nkhani zawo. Italy inati inkangopulumutsa anthu m'madzi opanda mwini. Mu 2012, pa mlandu wa Hirsi Jamaa, khothi linati anthuwo anali m'zombo za boma, m'manja mwa asilikali a boma, ndipo zimenezo n'zokwanira. Mlandu umenewu ndi woyenera kuudziwa aliyense amene ali ndi m'bale woyenda maulendo ozemba, chifukwa ukunena kuti dziko silingathawe udindo pongokugwirirani kutali ndi gombe lake.

Mpaka apa zikuoneka zosavuta: wagwidwa, ndiye uli m'manja. Chimene chinasokoneza zonse ndi mlandu wa Banković. Usiku wa pa 23 Epulo 1999 ndege za NATO zinaphulitsa nyumba ya wailesi ndi kanema ya boma ku Belgrade, likulu la Serbia, ndipo anthu 16 anafa. Abale awo anasumira mayiko 17 a ku Ulaya amene ali mu NATO. Mu Disembala 2001 khothi linakana kumva mlanduwo. Linati kuponya bomba pa malo si kulamulira malowo, ndipo kuvulaza munthu si kumulamulira. Likanavomereza zimenezo, ndiye kuti aliyense padziko lapansi wokhudzidwa ndi zochita za boma akanakhala pansi pa ulamuliro wake, ndipo gawo 1 likanakhala lopanda ntchito. Linawonjezera kuti ufulu wa m'panganolo sungadulidwe zidutswazidutswa, kuti boma liyankhe pa moyo wokha n'kusiya zina zonse. Majaji a ku Britain anawerenga chigamulo chimenechi n'kuona kuti chawamanga manja.

Taonani tsono kumene mfundoyi ikutifikitsa. Msilikali amene wagwira munthu, kumumanga maunyolo, kenako n'kumuwombera, ali pansi pa pangano. Mnzake amene sanavutike n'kugwira koma wangowombera ali patali, pangano silimukhudza. Ine ndimaona kuti lamulo lotere limalanga wosamala n'kumasula wopupuluma, ndipo sindikhulupirira kuti amene analemba panganolo ankafuna zimenezo.

Zimene Strasbourg inachita

Pa 7 Julayi 2011 khothi la ku Strasbourg linagamula kuti anthu onse 6 anali pansi pa ulamuliro wa Britain. Njira imene linadzera ndi yofunika kuiona bwino, chifukwa anthu ambiri amaifotokoza molakwika. Khothilo silinanene kuti Britain inkalamulira dera la Basra monga Turkey inkalamulira kumpoto kwa Cyprus. Funso limenelo linalilambalala. Silinanenenso kuti aliyense wowomberedwa ndi msilikali wa Britain kulikonse ali pansi pa pangano. Linaphatikiza zinthu ziwiri. Choyamba, boma la Iraq litagwa, Britain inatenga ina mwa ntchito zimene boma la dziko limagwira, makamaka yosungitsa bata kum'mwera chakum'mawa, ndipo zimenezi zinali zolembedwa, mpaka m'chigamulo nambala 1483 cha khonsolo ya chitetezo ya UN. Chachiwiri, anthuwo anafa pamene asilikali ankagwira ntchito yomweyo: kulondera, kusecha nyumba, kuimitsa magalimoto. Msilikali amene akugwira ntchito ya upolisi m'malo mwa boma ali ndi mphamvu pa anthu amene akuwalonderawo, kaya wawagwira kale kapena ayi. Ngakhale mayi amene anafa akudya uja anawerengedwa, chifukwa kuwomberanako kunachitika asilikali a Britain ali pa ntchito yolondera ndipo iwo anawombera nawo.

Khothilo linasiyanso mwakachetechete mfundo ija yoti ufulu sudulidwa. Linati pamene boma likulamulira munthu osati dera, limayankha pa ufulu wokhawo umene ukukhudza munthuyo mmene zinthu zilili. Amene wam'tsekera m'kampu uyenera kumudyetsa, kusamuzunza ndi kumufikitsa kwa woweruza, koma palibe amene angakufunse za sukulu ya ana ake. Apa mpamene miyeso iwiri ija imasiyanirana kwenikweni, ndipo mfundo imeneyi ndi imene inachotsa mantha a maboma akuti kuvomereza ulamuliro pang'ono ndiye kusenza zonse.

Litatsegula khomo, khothilo linaona kafukufuku amene anachitika. Pa imfa zitatu zoyamba, amene anagamula kuti palibe chifukwa chofufuza mozama anali akuluakulu a asilikali omwewo amene anawombera. Pa ya dalaivala wa minibasi, apolisi a usilikali anayamba kufufuza koma akuluakulu anawaimitsa, ndipo pamene fayilo inkatsegulidwanso miyezi inali itapita. Majaji anavomereza kuti kufufuza imfa ku Basra mu 2003 kunali kovuta zedi: chilankhulo china, madokotala oyeza mitembo ochepa, maliro oikidwa msanga, mboni zamantha. Koma anati mavuto amenewa salola kuti wowombera afufuzidwe ndi bwana wake yekha. Mabanja asanu anapatsidwa mayuro 17,000 lililonse. Bambo ake a Baha Mousa sanawerengedwe nawo pamenepa chifukwa Britain inali itavomera kale kulakwa, kulipira, ndi kukhazikitsa kafukufuku wapoyera.

Chigamulo cha Banković sichinafe. Mu Januwale 2021, pa mlandu wa Georgia ndi Russia, khothilo linati m'masiku 5 a nkhondo yeniyeni, kuyambira pa 8 mpaka pa 12 Ogasiti 2008, munali chipwirikiti choti palibe amene ankalamulira dera kapena munthu, ndipo ulamuliro wa Russia unayamba pamene mfuti zinaleka kulira. Chaka chomwecho khothi lomweli linati Russia iyankhe pa imfa ya Alexander Litvinenko, yemwe kale anali wachitetezo wa Russia, amene anathiridwa poizoni mu tiyi ku London mu 2006, chifukwa kusankha munthu mmodzi, kumuyandikira ndi kumupha ndiko kukhala ndi mphamvu pa moyo wake. Ikani ziwirizi pamodzi: kupha mmodzi mwachinsinsi kukulowa m'pangano, kupha mazana ndi mizinga kukutsala kunja. Mu Julayi 2025, pa mlandu wa Ukraine ndi Russia, majaji anachepetsa mpata umenewu ponena kuti kuukira kokonzedwa bwino, kwa zaka, ndi cholinga cholanda dziko la eni, sikungatchedwe chipwirikiti.

Osaganiza kuti pamene pangano silifika ndiye kuti zonse n'zololedwa. Malamulo a nkhondo, a m'mapangano a ku Geneva a 1949, amagwirabe ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti malamulo amenewo sapatsa mayi wamasiye khothi loti akasumireko boma lachilendo. Pangano la ufulu wa anthu limamupatsa, ndipo n'chifukwa chake maboma amamenyera nkhondo pa funso loyambali kuposa pa mlandu weniweniwo.

Asilikali athu ku Congo

Asilikali a Malawi akhala akutumikira kum'mawa kwa Congo, m'gulu lapadera la UN limene linakhazikitsidwa mu 2013 pamodzi ndi a South Africa ndi Tanzania, ndiponso m'gulu la SADC limene linapitako kumapeto kwa 2023 n'kuchokako mu 2025. Mapangano amene amatimanga ife ndi ICCPR ndi Pangano la Africa la ufulu wa anthu la mu 1981, limene tinalivomereza mu 1989. Komiti ya ICCPR inalemba mu 2004, mu ndemanga yake nambala 31, kuti boma liyenera kulemekeza ufulu wa aliyense amene ali m'mphamvu kapena mu ulamuliro weniweni wa asilikali ake kunja, ndipo inatchula mwachindunji asilikali otumizidwa kukasungitsa mtendere. Pangano la Africa ndiye lilibe n'komwe chiganizo chonena za malire kapena ulamuliro. Komishoni yoyang'anira pangano limeneli, yomwe imakhala ku Banjul, ku Gambia, inapeza Burundi, Rwanda ndi Uganda olakwa mu 2003 pa zimene asilikali awo anachita m'Congo, ndipo mu 2015, polemba za ufulu wa moyo, inapitirira Strasbourg: inati boma lingayankhe ngati likulamulira wophedwayo, wakuphayo, kapena dera, ngakhalenso ngati lachita chinthu chimene zinali zoonekeratu kuti chiphetsa munthu mosayenera. Ndemanga si chigamulo cha khothi, koma ikuonetsa kumene mphepo ya kuno ikulowera.

Tiyerekeze, ndipo uku n'kuyerekeza chabe, kuti gulu la asilikali athu lili m'mudzi wina ku North Kivu. Lagwira mnyamata womuganizira kuti ndi kazitape wa zigawenga n'kumusunga mu kontena usiku wonse. Pamenepa palibe mkangano pa muyeso uliwonse: ali m'manja mwawo. Asazunzidwe, ndipo asaperekedwe kwa wina aliyense ngati pali chifukwa chomveka chokhulupirira kuti akazunzidwa kumeneko. Mfundo yachiwiriyi ndi imene imavuta kwambiri pa ntchito, chifukwa asilikali osungitsa mtendere sakhala ndi ndende zawo ndipo amayenera kupereka ogwidwa kwa eni dziko.

Tsiku lina gulu lomwelo laika rodibuloko, galimoto yalephera kuima, msilikali wawombera, wokwera mmodzi wafa. Zofanana ndi zimenezi zinachitika ku Iraq mu Epulo 2004 pa rodibuloko imene panali asilikali a Netherlands, ndipo mu 2014, pa mlandu wa Jaloud, khothi la ku Strasbourg linati amene waika rodibuloko akudzipatsa mphamvu pa aliyense wodutsapo. Netherlands inayesa kunena kuti sinali wolamulira Iraq ndipo asilikali ake ankalandira malamulo kwa mkulu wa asilikali a Britain, koma khothi linaona kuti boma lawo linasungabe mphamvu zonse pa iwo, kuphatikizapo malamulo a nthawi yowombera. Tsiku lachitatu gululo laponya mzinga kuphiri kumene kukuchokera zipolopolo, ndipo bomba lagwera nyumba. Ku Strasbourg apa ndi pamene mlandu ungagwe. Potsatira ndemanga ya ku Banjul ungathe kuima, ndipo funso lingasamukire pa ngati zinali zoonekeratu kuti m'nyumbamo muli anthu wamba.

Pali funso lina limene anthu amalisakaniza ndi la ulamuliro, chonsecho ndi losiyana: zochita za msilikali wovala chipewa cha UN ndi za ndani, za dziko lake kapena za UN? Mu 2007, pa mlandu wa Behrami, wa ana awiri a ku Kosovo amene anaphulikiridwa ndi bomba lotsalira m'dera limene munali asilikali a France, mmodzi n'kufa wina n'kuchita khungu, khothi la ku Strasbourg linati nkhaniyo ndi ya UN osati ya France. Poti UN sinasaine panganolo ndipo singasumiridwe m'makhothi wamba, banjalo linatsala manja lende. Chigamulochi chinadzudzulidwa kwambiri, ndipo makhothi a ku Netherlands anadzera njira ina pa nkhani ya Srebrenica, ku Bosnia: anafunsa amene analidi ndi mphamvu pa chochitika chenichenicho. Mu 2019 khothi lawo lalikulu linapeza boma lawo lolakwa pa amuna pafupifupi 350 amene anatulutsidwa m'kampu ya asilikali awo mu Julayi 1995 n'kukaphedwa, ngakhale linati boma lilipire magawo 10 okha pa 100 alionse, poti mwayi woti akanapulumuka unali wochepa.

Kwa ife mfundo yogwirika ndi iyi. Pa mgwirizano wa UN ndi mayiko otumiza asilikali, msilikali akapalamula amazengedwa mlandu ndi dziko lake lokha, osati ndi UN kapena Congo. Ndiye ngakhale titakangana chaka chonse za mwini chipolopolo, udindo wofufuza ulibe kwina kopita koma kwathu, ndipo phunziro la ku Basra likugwira pomwepo: wofufuza asakhale pansi pa mkulu wa gulu limene lawombera, mfuti zitengedwe tsiku lomwelo, asilikali okhudzidwa asiyanitsidwe asanagwirizane chonena, mboni za m'mudzimo zifunsidwe ndi womasulira, ndipo banja liuzidwe zimene zapezeka. Pa mlandu wa Jaloud, chimodzi mwa zimene zinagwetsa Netherlands n'chakuti wowomberayo anakhala maola angapo asanafunsidwe ndipo sanapatulidwe kwa anzake.

Banja la ku Congo lofuna kudandaula liyenera kuyamba ndi makhothi a Malawi, chifukwa mabwalo a kunja samva dandaulo la munthu amene sanayese njira za m'dziko limene akulisumiralo. Zikakanika, khothi la Africa la ku Arusha ndi lotseguka, poti Malawi ndi limodzi mwa mayiko ochepa amene anavomera, mu 2008, kuti anthu wamba azilisumira kumeneko mwachindunji.

Kumene milandu yotere imafera kawirikawiri ndi pa umboni. Akazi a ku Iraq amene anasumira Turkey pa mlandu wa Issa, ponena kuti asilikali ake anapha abusa a ziweto m'mapiri mu 1995, anapambana pa mfundo ya lamulo: khothi la ku Strasbourg linavomereza mu 2004 kuti asilikali olowa m'dziko la eni kwa kanthawi angathe kukhala ndi ulamuliro. Koma anagonja chifukwa sanathe kuonetsa mosakayikitsa kuti asilikali a Turkey anali m'chigwa chimenecho tsiku limenelo. Sanathe kutchula gulu kapena mkulu wake, ndipo panalibe mboni yoima payokha. Loya wotenga mlandu wotere, asanatsegule buku lililonse la malamulo, amayamba wafuna zinthu zazing'ono: mbendera imene inali paphewa la yunifomu, nambala ya galimoto, chilankhulo chimene asilikaliwo ankalankhulana, buku lolembamo ogwidwa ndi dzina la amene anasainamo, ndiponso chikalata chonena kuti dera limenelo linapatsidwa kwa gulu liti mwezi umenewo. Zambiri mwa zimenezi zimakhala m'manja mwa boma losumiridwalo, choncho pempho loyamba kukhothi limakhala lolamula kuti zikalatazo zisungidwe ndi kutulutsidwa.